Golosale yomwe inapsa ku Chinamwali: momwe tinawerengera katundu malisiti atapsera momwemo

Nkhaniyi ndi ya golosale ina ya ku Chinamwali, m'mbali mwa msewu wochoka mumzinda wa Zomba kulowera ku Liwonde, yomwe inapsa usiku wina chapakati pa Ogasiti 2024. Ine ndine buloka, mkhalapakati wa kasitomala ndi kampani ya inshuwalansi, ndipo mwini golosaleyo, mayi amene sindiwatchula dzina, ndi kasitomala wanga. Ndasunga fayilo yawo pafupi chifukwa muli zinthu ziwiri zimene amalonda ambiri amazidziwa moto utazima kale. Choyamba, kampani siilipira zomwe munthu akukumbukira kuti zinali m'sitolo, imalipira zomwe angathe kuonetsa. Chachiwiri, ngakhale umboni ukhale wokwanira, ndalama yomwe munalembetsa pachiyambi ndiyo imalamula zambiri.

Nyumba inali ya lendi, choncho makoma ndi denga sizinali nkhani yathu. Mayiwa analembetsa katundu wogulitsa pa K12 miliyoni, ndipo zida za m'sitolo, monga mafiriji, mashelefu, kauntala ndi sikelo, pa K3 miliyoni. Chikalata chawo chinali cha moto basi. Chinkanena kuti kampani idziwitsidwe mwamsanga ngozi ikachitika, kuti mndandanda wa zowonongeka ndi umboni wake ufike pasanathe masiku 30, komanso kuti pa ndalama iliyonse yomwe ivomerezedwe, mwiniwake adzisenzera 10 peresenti, yomwe timaitcha ekisesi. Makampani amasiyana pa masiku ndi pa ekisesi, ndiye aliyense aone chikalata chake.

M'mawa wa moto

Ozimitsa moto a khonsolo ya mzinda anapulumutsa chipinda chakumbuyo chosungiramo katundu, koma kutsogolo kunatheratu. Mayiwa anandiimbira kusanache, ndipo ndinatumiza uthenga wolemba ku kampani m'mawa womwewo, wamizere itatu: nambala ya chikalata, malo, ndi nthawi yomwe moto unaoneka. Panalibe chifukwa chodikira lipoti la apolisi kapena la ozimitsa moto. Malipoti amenewo amafunikadi, ndipo tinawapempha tsiku lomwelo, koma amatenga nthawi kuti atuluke, pomwe masiku a m'chikalata amayamba kuwerengedwa moto ukangochitika.

Nditafika ndinapeza eni nyumba atabwera kale ndi anyamata awiri, wilibala ndi mafosholo. Cholinga chawo chinali chabwino, ankafuna malo ayere kuti mmisiri aone denga. Ndinawapempha kuti, "Achikulire, tiloleni pang'ono, asachotse kanthu mpaka asesa wa kampani, woyeza zowonongeka, abwere. Phulusali ndiye umboni wa mayiwa." Sanakondwe, koma analola. Tinangolemba mlonda, n'kukhoma malata pakhomo, n'kusamutsa katundu wosapsa wa kuchipinda chakumbuyo titamuwerenga ndi kumujambula ali pamalo pake. Kuteteza zotsala ndi udindo wa mwini katundu. Zikabedwa kapena kunyowa pambuyo pake, kampani ili ndi pokanira, ndipo zikalata zambiri za moto zimanena poyera kuti kuba kochitika moto uli mkati kapena utazima sikulipidwa.

Pa kajambulidwe ndikufuna ndiimepo pang'ono, chifukwa anthu ambiri amajambula zomvetsa chisoni osati zothandiza. Mwana wa mayiwa anali atajambula kale zithunzi zambiri za malawi ndi khamu la anthu, zomwe zinangothandiza kuonetsa kuti chitseko chachitsulo chinali chokiya mpaka ozimitsa moto atachidula. Zomwe asesa amafuna ndi zina. Tinayambira panja, nyumba yonse ndi chikwangwani chake, kenako pakhomo, kenako khoma lililonse palokha, kenako shelefu iliyonse kuyambira pamwamba mpaka pansi, pomaliza zinthu pafupi. Zitini, mabotolo, mawaya a m'mabelo ndi zotsekera zachitsulo sizipsa n'kutheratu, ndipo munthu wodziwa amatha kuyerekeza kuchuluka kwa katundu poona milu ya zimenezi. Shuga amasungunuka n'kuuma pansi ngati phula, ndipo kukula kwa chigamba chakecho kumanena zambiri za mabelo omwe anali pamenepo. Firiji iliyonse tinaitembenuza pang'ono kuti tijambule kachitsulo kakumbuyo kolembedwa mtundu ndi nambala yake. Potumiza ku kampani pa WhatsApp tinasankha Document m'malo motumiza ngati chithunzi wamba, chifukwa njira yawamba imachepetsa chithunzi n'kufufuta tsiku ndi nthawi yomwe chinajambulidwa.

Asesa anabwera kuchokera ku Blantyre mkati mwa sabata yomweyo. Kusiya phulusa kunapindula pomwepo. Poyamba iye ankaganiza kuti moto unayambira mu injini ya firiji yaikulu, ndipo zikanakhala choncho firijiyo sikanalipidwa, pakuti chikalata cha moto chimalipira zomwe motowo wafalikira koma osati chipangizo chamagetsi chomwe chadziwotcha chokha. Atafukula kuseri kwake anapeza ekisitenshoni yosungunuka yomwe munalumikizidwa mafiriji awiri ndi tchaja, ndipo kapsedwe ka khoma kankaloza pamenepo, osati pa injini. Anyamata a wilibala aja akanayamba ntchito, kachidutswa kameneko kakanakhala koyamba kupita kudzala.

Kuwerengera katundu wopanda malisiti

Malisiti onse ankakhala m'katoni pansi pa kauntala, pamodzi ndi makope a malonda ndi kope la angongole. Zonse zinapsa. Ochepa omwe tinawatola anali akuda bii, chifukwa pepala la malisiti a makina limada likangomva kutentha, ngakhale lawi lisalifike. Mayiwa ankati, "Achimwene, katundu wanga ndimamudziwa pamtima, ndikhoza kukutchulirani shelefu ndi shelefu." Ndinawakhulupirira, ndipo mndandanda wawo wapamtima tinaulemba, koma ndinawauza kuti asesa adzautenga ngati poyambira chabe.

Katundu wogulitsa akapsa, kawerengedwe kake n'kodziwika. Mumatenga katundu yemwe analipo tsiku lomaliza kuwerenga sitoko, n'kuwonjeza yense amene anaodedwa kuchokera tsikulo, n'kuchotsa yense amene anagulitsidwa. Chotsalacho ndiye chinali m'sitolo usiku wa moto. Zonsezi zimawerengedwa pa mtengo wooda, osati wogulitsira, chifukwa inshuwalansi ya moto siilipira phindu lomwe munkayembekeza. Ntchito yathu inali kupeza manambala atatuwa kwa anthu ena, popeza mapepala a mayiwa kunalibe.

Nambala yoyamba inapezeka mwamwayi. Pa 30 Juni mayiwa anawerenga sitoko ndi mchimwene wawo amene anawabwereka mpamba, ndipo iye anajambula masamba onse pafoni yake kuti akaone bwino kunyumba. Masambawo anali olembedwa pamanja, koma anali ndi tsiku, kuchuluka kwa chinthu chilichonse ndi mtengo wooda, ndipo foniyo inkaonetsa kuti anajambulidwa pa 30 Juni pomwepo, moto usanaganiziridwe n'komwe. Anakwana K15,600,000. Asesa anasankha zinthu zingapo, monga mafuta ophikira, sopo ndi ufa wa tirigu, n'kufananiza mitengo yake ndi ya ooda a nthawi imeneyo, ndipo anavomera.

Nambala yachiwiri ndiyo inatidyera nthawi. Mayiwa amaoda kwa ogulitsa mopikulitsa awiri a ku Limbe, mmodzi wa mutauni mwa Zomba momwemo, komanso kwa magalimoto a zakumwa ndi buledi omwe amatsitsa katundu pakhomo. Wogulitsa aliyense wokhazikika amasunga mbali yake ya malonda, ndiye tinalemba kalata yaifupi yopempha makope a mainvoisi kuyambira pa 1 Julayi, n'kuphatikizapo kalata ya apolisi yotsimikiza kuti kunali moto. Komwe mayiwa anali ndi akaunti m'dzina lawo, sitetimenti inatuluka mosavuta. Komwe ankagula ngati wodutsa aliyense, kulipira kashi osatchula dzina, makina a wogulitsayo anali ndi malonda mazanamazana a tsikulo opanda mwini, ndipo panalibe njira yolozera kuti awa ndi athu. Pamenepo tinadalira masitetimenti a Airtel Money ndi Mpamba ndi a kubanki. Malipiro aliwonse opita kwa wogulitsa anali ndi tsiku ndi ndalama yake, ndipo wa kuofesi ya maakaunti kumeneko ankatha kusaka invoisi ya ndalama yomweyo pa tsiku lomwelo. Pomaliza tinatsimikiza katundu wooda wa K19,400,000.

Mayiwa ankanena kuti anaoda wa K21 miliyoni, ndipo ndikukhulupirira kuti ankanena zoona. Kusiyana kwa K1,600,000 kunali kwa mpunga, nyemba ndi mazira zomwe ankagula pa kashi kwa alimi ndi mavenda obwera nazo kuchokera cha ku Jali ndi kumadambo a nyanja ya Chilwa. Malonda otere sakhala ndi pepala. Mmodzi wa iwo anadzipereka kulemba lisiti latsopano n'kuikapo tsiku la Julayi. Ndinakana, ndipo ndinawachenjeza mayiwa mwamphamvu. Zikalata zambiri za moto zili ndi ndime yonena kuti pempho likakhala ndi chinyengo, ngakhale pa kagawo kakang'ono, lonse limagwa. Malisiti olembedwa tsiku limodzi ndi cholembera chimodzi, manambala ake otsatana koma masiku otalikirana, asesa amawazindikira asanamalize kuwerenga. Chomwe chinali chololeka ndi kalata ya wogulitsayo, ya tsiku lenileni lomwe akulemba, yonena zomwe akukumbukira kuti anagulitsa. Tinaipereka, ndipo asesa anailemba m'lipoti lake koma sanaiwerengere.

Nambala yachitatu ndi ya zogulitsidwa, ndipo apa asesa amakhala tcheru kwambiri, chifukwa munthu akachepetsa malonda ake papepala, katundu wotsala m'sitolo amaoneka wambiri. Mtsikana wogulitsa anali ndi lamulo lojambula tsamba la malonda a tsikulo madzulo aliwonse n'kutumiza kwa abwana ake asanatseke. Mayiwa anayambitsa zimenezi pofuna kuteteza ndalama za m'kabati, osati poganiza za moto, koma ndi zomwe zinatipulumutsa. Masiku ochepa omwe zithunzi zinasowa tinawadzaza poona ndalama zomwe zinalowa kubanki ndi pafoni mawa lake, kuphatikizapo zomwe zinatengedwa m'kabati kulipirira zinthu zing'onozing'ono. Malonda onse kuyambira pa 1 Julayi mpaka usiku wa moto anakwana K21,850,000 pa mtengo wogulitsira. Poyerekeza mainvoisi ndi mitengo ya pashelefu, tinagwirizana kuti mayiwa ankaika pafupifupi K15 pamwamba pa K100 iliyonse yooda. Tikachotsa phindulo, katundu wogulitsidwayo anaodedwa pa K19 miliyoni.

Tsono K15,600,000 kuwonjeza K19,400,000 kuchotsa K19 miliyoni, zinatipatsa K16 miliyoni. Ameneyo ndiye katundu yemwe anali m'golosale usiku umenewo. Wa kuchipinda chakumbuyo, yemwe tinamuwerenga m'mawa uja, anali wa K4 miliyoni. Wowonongeka anali wa K12 miliyoni, kuphatikizapo amene sanapse koma ananyowa ndi madzi ozimitsira moto kapena kulowa utsi, pakuti zimenezo zimawerengedwa ngati zochita za moto womwewo. Sopo ndi zam'zitini zina zodetsedwa ndi utsi zinagulitsidwa motchipa, asesa atavomereza, pa K600,000, ndipo ndalamayo inachotsedwa. Panatsala K11,400,000.

Pomwe ndalama inadukira

Mayiwa ataona nambala imeneyi anapuma, chifukwa inali pansi pa K12 miliyoni yomwe analembetsa. Ankaona kuti alandira yonse. Kuwafotokozera kuti sizitero inali ntchito yovuta kuposa kusaka mainvoisi.

M'chikalata chawo, monga m'zikalata zambiri za katundu, muli ndime ya avareji. Imanena kuti ngati katundu yense amene analipo tsiku la ngozi aposa ndalama yomwe munalembetsa, ndiye kuti gawo loposalo munadzisungira nokha, ndipo pa chiwonongeko chilichonse kampani ilipira gawo lake lokha. Mayiwa anali ndi katundu wa K16 miliyoni koma ankalipirira wa K12 miliyoni, kutanthauza magawo atatu mwa anayi. Choncho pa K11,400,000 kampani inavomera magawo atatu mwa anayi, omwe ndi K8,550,000. Kuchotsapo ekisesi ya K855,000, panatsala K7,695,000.

Sikuti mayiwa ananama polembetsa. K12 miliyoni inali yoona kumayambiriro kwa 2023. Koma mu Novembala 2023 kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti, ndipo mitengo yooda inakwera motsatira. Mashelefu omwewo, odzaza chimodzimodzi, anayamba kusunga ndalama zambiri kuposa kale. Pokonzanso chikalata mu Malichi 2024, kalata inafunsa ngati mtengo wa katundu wasintha, ndipo iwo anati zisiyidwe momwemo poopa kuti ndalama yolipira pachaka ikwera. Si iwo okha, ambiri anachita chimodzimodzi chaka chimenecho. Mwa maganizo anga, ndime ya avareji ndi yachilungamo pa masamu, koma imalembedwa m'Chingerezi chovuta pakati pa tsamba, ndipo wamalonda wamba amaimva koyamba tsiku lomwe ikumudula.

Ndime yomweyi ndiyo inandipangitsa kuwalangiza kuti asalimbane pa K1,600,000 ya mpunga ndi nyemba ija. Iwo ankafuna tikane lipoti la asesa mpaka ndalamayo ilowe. Ndinawalembera masamu papepala. Ikanalowa, chiwonongeko chikanakwera kufika pa K13 miliyoni, inde, koma katundu yense wa m'sitolo akanakweranso kufika pa K17,600,000, ndipo gawo la kampani likanatsika. Mapeto ake akanapindula ndalama yongopitirira pang'ono K300,000, ekisesi isanachotsedwe, posinthanitsa ndi miyezi ina yodikira sitolo ili yotseka ndipo lendi ikuwerengedwa. Munthu amene analembetsa ndalama yochepa, umboni uliwonse wowonjezera katundu umamuthandiza mbali imodzi n'kumupweteka mbali ina. Anayang'ana pepalalo nthawi yaitali, n'kunena kuti, "Basi, zisiyeni."

Zida, komanso zomwe sizinalowe

Pa zida sipanavute kwambiri. Chikalata chawo chinali cholipira mtengo wa chinthu monga chinalili tsiku la moto, osati wa chatsopano. Firiji yaikulu, mwachitsanzo, koteshoni ya yatsopano yofanana nayo inali K1,400,000. Inali itagwira zaka zinayi, asesa anaiyesa kuti moyo wake ndi zaka khumi, ndipo anachotsa 40 peresenti, n'kutsala K840,000. Zaka zinayizo tinazitsimikiza ndi nambala ya pa kachitsulo kaja, yomwe sitolo yomwe anaigulako inaipeza m'mabuku ake. Pakanapanda zimenezo asesa akanayerekeza yekha msinkhu wake, ndipo woyerekeza sakonda kulakwira mbali ya kasitomala. Mashelefu anapangidwa ndi kalipentala wa ku Matawale wopanda malisiti, koma ankaoneka bwino pa zithunzi zomwe mayiwa ankaika pa WhatsApp potsatsa katundu watsopano, ndipo kalipentalayo analemba koteshoni ya kupanga ena ofanana. Zida zonse, titachotsa kutha kwake, sizinapose K3 miliyoni, ndiye avareji sinakhudze mbali imeneyi. Zowonongeka zinavomerezedwa pa K2,300,000, ndipo ekisesi itachoka panatsala K2,070,000.

Ndalama za kashi zomwe zinagona m'kabati usikuwo sizinalipidwe, chifukwa ndalama zimafuna inshuwalansi yakeyake. Ngongole zomwe anthu a m'dera anali nazo m'kope lopsa lija sizinalipidwenso, ngakhale phindu la miyezi yomwe sitolo inali yotseka. Makina osokera a mnansi, omwe ankagonekedwa m'golosalemo usiku, sanalowe chifukwa chikalata sichinatchule katundu wosungira ena. Nkhani ya makinawo inakathera kwa akuluakulu a mpingo, ndipo sindinailondole.

Fomu, mndandanda ndi umboni womwe tinali nawo tinapereka masiku 30 asanathe, ndi kalata yonena kuti makope ena a ku Limbe akubwera, ndipo kampani inavomera molemba kudikira. Chilichonse chomwe tinapereka tinasunga kope lake, ndipo wolandira ankasaina. Kampani itatumiza fomu yovomereza malipiro a K9,765,000, tinaiwerenga mzere ndi mzere tisanasaine, chifukwa ukasaina fomu imeneyo watseka nkhani. Mayiwa akanaona kuti aponderezedwa, njira inalipo yodandaula molemba ku kampaniyo, ndipo ikapanda kuwakhutiritsa, kwa Registrar of Financial Institutions ku Reserve Bank of Malawi, komwe kumayang'anira makampani a inshuwalansi. Sindinaone chodandaulira, pakuti masamu anatsata chikalata.

Golosale inatsegulidwanso chaka chisanathe, ndi mashelefu ochepa. Tsopano invoisi iliyonse imajambulidwa tsiku lomwe yafika, lisiti la makina lisanafufutike, ndipo mapepala enieniwo amapita kunyumba Loweruka lililonse. Mavenda a mpunga amasaina m'kabuku ka makope awiri komwe mayiwa amalemba okha dzina, tsiku, makilo ndi mtengo. Sitoko imawerengedwa kutha kwa mwezi uliwonse, ndipo nambala yake imatumizidwa kwa ine kuti tione ngati yayamba kupitirira yomwe inalembetsedwa. Pa ndalama yolembetsa yatsopano sitinagwirizane. Ine ndinati K18 miliyoni, poganizira kuti mu Disembala sitolo imadzaza kuposa miyezi ina. Iwo anasankha K15 miliyoni, n'kunena kuti adzakweza katundu wa Khirisimasi akadzayamba kufika, ndipo ndinalemba m'fayilo kuti ndidzawaimbire kumayambiriro kwa Novembala.